Ntchito Imene Inaitana Malemu Elliam ku Nkaya

Scholastica Namakhwa ndi mwana woyamba wa Yoram Namakhwa, amene anatisiya chaka cha njala ya 2002, ndi Clementina, mwana wanga wobereka ndekha. Iye naye wabereka awiri, Chiyamiko ndi Tasha, onse apasukulu, onse amutu. Anali ndi mlongo wake mmodzi yekha, Elliam, wamng'ono kwa iye ndi zaka zisanu ndi zinayi. Makolo athu anachokera kutsidya kwa malire atasenza mbewu ya nandolo ndi kalongonda, n'kudzakhala ku Chikweo, ndipo kuyambira pamenepo m'banja mwathu simunatulukemo wakuba kapena wokhwima. Ndanena izi poyamba chifukwa pali anthu amene anayankhula zambiri za mwanayu asanamufunse n'kamodzi komwe.

Scholastica sukulu analekezera Fomu 2, fizi itavuta. Koma kalata ankaidziwa. Ali ndi zaka khumi ndi zitatu ndiye ankalembera a mphakati wathu makalata opita kwa abambo mfumu ku parishi, ndipo kalata yake inkayamba ndi ulemu, n'kunena chimene ikufuna mosazungulira, n'kutha ndi ulemu. Atakwatiwa ndi Clever anatsikira ku Nkaya, kumene njanji zimakumana. Clever anapita ku Joni, ndipo zake tizisiye. Scholastica anatsala ndi ana awiri ndi beseni la mandasi. Ankathamanga nalo m'mawindo a sitima, kenako anapeza benchi, kenako kaokala ka njerwa zosawotcha. Zonsezi ndi miyendo yake, komanso banki mkhonde ya amayi anzake a kutchalitchi.

Elliam atalemba mayeso a Fomu 4 anatsatira mlongo wakeyo, poganiza kuti pamene pali njanji sipasowa ntchito. Anali mnyamata wamfupi, woseka ndi mano onse. Makalata ofunsira ntchito analemba osawerengeka. Gulu lililonse la pafoni lolengeza ntchito iye anali momwemo, ataikamo dzina lake ndi nambala yake. Ntchito sinabwere. Chimene chinabwera ndi mutu, Lachiwiri lina, khosi n'kuuma. Scholastica anamukweza pa njinga yamoto kupita naye kuchipatala, madokotala anayesetsa, koma Lachinayi mwana anapita. Anati ndi matenda oumitsa khosi.

Bokosi litafika ku Chikweo, Clementina anayang'ana nkhope nthawi yaitali. Sanalire. Anangoti, "Si iyeyu." Amayi anzake anamugwira n'kumutulutsa panja, ife tonse n'kumati ndi chisoni, chidzatha.

Patapita miyezi itatu banki mkhonde inagawana, Scholastica n'kugula filiji yakale kuti azigulitsa madzi ozizira ndi mafilizesi. Filiji imeneyo ndiyo inatsegula pakamwa pa anthu. Kwathu kuno alipo amene amakhulupirira kuti munthu akafuna kulemera amatenga m'bale wake m'matsenga, abale n'kukwirira thunthu la nthochi, mwiniwakeyo ali moyo kwina, akugwira ntchito usana ndi usiku osalandira kanthu, osatha kubwerera. Amamutcha ndondocha. Palibe anabwera kudzamuuza Scholastica pamaso. Ankangofunsana pa mjigo kuti, mnyamata wathanzi kufa masiku awiri, ndipo kufera m'nyumba ya ndani? Mawuwo anayenda mpaka analowa m'khutu la mayi ake. Clementina sananene kanthu, koma kuyambira pamenepo sopo ndi shuga zochokera ku Nkaya ankangozilandira n'kuzipereka kwa anansi.

Foni ya Elliam anaitenga ndi Clementina. Inali yosweka galasi pakona. Ankaimanga pa nsonga ya chitenje, ankakaitchajitsa pa sitolo Loweruka lililonse, ndipo mwezi ndi mwezi ankaithira mayunitsi ochepa kuti nambala isatsekedwe n'kupatsidwa munthu wina. Sankaimbira aliyense. Ankangoisunga yamoyo.

Panapita chaka ndi miyezi iwiri. Tsiku lina mu Okotobala, dzuwa lili paliwombo, Scholastica akupimira munthu mafuta ophikira, foni yake inalira. Atayang'ana, pagalasi panalembedwa kuti Elliam. Mafuta anasefukira m'botolo n'kumayenderera pa zala, iye osamva. Foni inalira mpaka kuleka. Inayambanso. Anayankha kachitatu.

"Sikola," anali mayi ake, mawu ali pansipansi ngati pali wina akumvetsera. "Bwera. Wapezeka."

M'mawa mwake anatseka okala, ana anawasiya kwa mnzake, n'kuyamba ulendo: njinga yamoto mpaka ku Balaka, minibasi kudzera ku Liwonde, kenako fumbi la ku Chikweo. Anapeza mayi ake atakhala pakhonde, foni ili pamiyendo, ataiphimba ndi manja onse awiri ngati kamwana ka nkhuku. Moni anali wamfupi. Anamupatsa foniyo kuti awerenge yekha.

Uthenga unali wakuti: "Wokondedwa Elliam Namakhwa, kampani ya Tsanya Haulage ikukudziwitsani kuti mwasankhidwa pa ntchito ya ukalaliki wowerenga malole a miyala ku Nkaya. Malipiro K280,000 pamwezi. Tumizani K65,000 ya kuyezedwa m'thupi, yunifolomu ndi nsapato pa nambala ili m'munsiyi pasanathe masiku atatu. Mukachedwa malo tipatsa wina. Wadson, mkulu wolemba anthu ntchito."

"Amayi, awa ndi akuba," anatero Scholastica. "Mauthenga otere ali ponseponse. Olemba ntchito enieni salipiritsa munthu wofuna ntchito."

"Akuba alidziwa bwanji dzina lake lonse?"

"Iye ankaliika paliponse."

"Ndiye adikira chaka chathunthu kuti alembe lero? Nanga bwanji akuti ku Nkaya? Malawi yense ali apa, iwo n'kusankha ku Nkaya, kumene ukukhala iwe?" Clementina anamuyang'ana m'maso koyamba chifikireni. "Anthu amenewa ali naye. Akufuna ndalama kuti amuonetse. Nandolo ndagulitsa, ndalama zilipo. Iwe umadziwa kutumiza. Tumiza."

"Zimenezo ndi za feteleza, amayi."

"Feteleza ndinamubereka ine?"

Scholastica anatsegula pakamwa kuti akanenso, koma mayi ake anamudula, mofatsa ndithu, ndipo kufatsako ndi kumene kunamuopsa.

"Ukakana, ndidziwa kuti ukuopa chimene akanene akatuluka."

Mawu amene anayenda pa mjigo chaka chonse anali atafika tsopano, m'kamwa mwa womubereka. Scholastica anaona kuti zagwa mbali ziwiri. Akatumiza, mayi ake adyedwa zokolola za chaka, ndipo akubawo sadzalekera pomwepo. Akakana, ndiye kuti wavomera kuti anagulitsa mlongo wake.

"Chabwino," anatero. "Koma ngakhale mbuzi sitigula tisanaione. Mundilole ndiwalembere, atisonyeze kuti iwo ndani ndipo ali pati. Akatisonyeza, ndalama mukapereka nokha pamanja, ine n'kuwonjezerapo zanga."

"Usawatukwane. Ukawakwiyitsa amubisa."

"Sindiwatukwana."

"Ndipo usalembe kuti anamwalira."

Analemba atakhala pa mtondo wogwetsa, akuwerenga mokweza mzere uliwonse kuti mayi ake avomereze. Kalata yake inali iyi:

"Zikomo kwambiri a Wadson chifukwa cha uthenga wanu. Ine ndine mlongo wake wa Elliam Namakhwa. Tisanatumize ndalama, tikupempha mutithandize ndi dzina lonse la kampani yanu ndi nambala imene inalembetsedwera ku boma. Mutiuzenso pamene pali ofesi yanu kuti tibwere tokha, nambala ya foni ya ofesiyo, ndi amene tikaonane naye. Tingakondwenso kudziwa kumene munalengeza ntchitoyi ndi tsiku limene Elliam anakulemberani. Mutikhululukire pofunsa, ife timadziwa kuti wofuna ntchito salipira. Tikaona zimenezi tiyankha msanga. Ambuye akudalitseni."

"Chotsa pakuti salipira," anatero Clementina.

"Pamenepo ndi pamene pali ulemu wathu, amayi. Adziwe kuti sitikufunsa mwachipongwe, tili ndi chifukwa."

Anatumiza osachotsa kanthu. Sipanathe nthawi yophika tiyi, foni inanjenjemera m'manja mwake.

"Mayi, musade nkhawa. Elliam tinacheza naye Lachiwiri lapitali ndipo anakhoza bwino mafunso onse. Malo atsala awiri okha. Tumizani lero."

Scholastica anawerenga chamumtima kaye, ndipo ngakhale ankadziwa kuti ndi bodza, tsitsi linamuyimirira. Iye ndi amene anamutseka maso Elliam. Iye ndi amene anagula nsalu. Koma kuona dzinalo pafupi ndi mawu akuti Lachiwiri lapitali, pa foni ya mwiniwake, kunamuchititsa kucheuka kuyang'ana kunjira. Kunjira kunalibe munthu. Mitengo ya chinangwa inangoima chilili m'dzuwa, tsamba osagwedezeka.

Atawerenga mokweza, mayi ake anagwada pansi n'kuyamba Tikuoneni Maria.

Analembanso, mwaulemu womwewo: "Takondwa kumva zimenezo. Popeza munaonana naye, mutiuzeko mmene amaonekera, kuti titsimikize kuti simunasokoneze ndi Elliam wina. Zimene tinapempha zija tikudikirabe."

Yankho linati: "Mnyamata waulemu, wamtali, woonda pang'ono."

"Mwamva, amayi? Wamtali. Elliam ankandilekeza m'khutu ine."

"Munthu akaonda amaoneka wamtali," anatero Clementina, misozi ili mbwembwembwe. "Sakumudyetsa."

Apa Scholastica anazindikira kuti yankho lililonse la anthu aja mayi ake alisandutsa umboni. Mawu okha sakanathandiza. Panafunika chinthu choti aone ndi maso.

Chakumadzulo a Wadson anatumiza chithunzi cha pepala lokhala ndi chidindo, lolembedwa kuti setifiketi ya kampani. Za kumene analengeza ntchito sanayankhe. Za foni ya ofesi anati yawonongeka. Koma malo anatchula: ku Nkaya, kuseri kwa siteshoni, kutsogolo kwa mlambe waukulu, geti la buluu. Scholastica malo amenewo ankawadziwa ngati chikhatho chake. Ankadutsapo pokatola nkhuni.

"Palibe geti pamenepo, amayi."

"Iwe ungaone bwanji? Kapena waliona, sukufuna kunena."

M'mawa onse awiri anadzera pa msika, kwa Blasius, bambo wa kabenchi kotumizira ndalama za pafoni, amene anaphunzira limodzi ndi malemu Yoram. Scholastica anamupempha kuti alembe nambala ija ngati akutumiza, koma asamalize.

"Iii, Sikola, wabwera ndi fumbi lonse la ku Balaka, osatigawirako mandasi?" anatero Blasius akudinadina. Kenako anasiya kuseka. "Taonani apa, mayi a Sikola. Musanatsimikize, foni imaonetsa mwini nambala. Apa patuluka Lukiya wakutiwakuti. Si kampani, si Wadson. Kampani yeniyeni ingalandirire ndalama pa nambala ya mayi wina?"

"Mwina ndi mlembi wawo."

"Chabwino. Taonaninso." Analemba nambala ya Elliam. Pagalasi panatuluka zilembo zazikulu: ELLIAM NAMAKHWA. "Mwaona? Aliyense amene ali ndi nambala angapeze dzina chonchi. Si matsenga ayi. Mwezi uno wokha anthu atatu atumizira pano pa zantchito zoterezi, ine ndikuwaletsa. Onse atatu anabwera kudzalira pa benchi pomwepa."

Clementina sanamve za anthu atatuwo. Maso ake anali pa dzina la mwana wake, likuwala pa foni ya munthu wina.

"Boma likumudziwabe," ananong'ona. "Sanamufufute."

Blasius anayang'ana Scholastica, Scholastica n'kuyang'ana pansi.

"Tiyeni ku Nkaya, amayi," anatero. "Thiransipoti ndilipira ine. Ndalama zanu zikhale m'chiuno mwanu. Mukaliona getilo, mugogode nokha."

Masiku atatu aja ankathera tsiku lomwelo, choncho ali m'minibasi analembanso: "Pepani a Wadson, tikuchokera kutali. Tikupempha mutidikire mpaka mawa, tidzaperekera ku ofesi kwanu n'kulandira lisiti." Yankho linabwera asanafike pa Liwonde. Ku ofesi sitilandira ndalama pamanja, anatero, koma poti ndinu anthu aulemu tumizani K40,000 yokha, yotsalayo tidzadula pa malipiro.

Anagona ku Balaka kwa msuweni wawo. Kutacha Scholastica anatengera mayi ake ku ofesi ya boma yoona za ntchito. Anapezako mayi wina wa magalasi, amene anawerenga mauthenga onse mosathamanga, n'kukulitsa chithunzi cha setifiketi ndi zala.

"Amene analemba mafunsowa ndani?"

"Ndine."

"Mwafunsa bwino, ndipo mwachita bwino osatumiza. Koma chithunzi ichi musachiwerengere. Pepala lotere aliyense angalipange pa kompyuta, taonani dzina la kampani zilembo zake zikusiyana ndi za mizere inayo. Umboni si umene akupatsani iwo, ndi umene mwaupeza nokha kwina. Nambala iyi mukhoza kukaifunsa ku ofesi yolembetsa makampani. Ife kuno kampani ya dzina limeneli ku Nkaya sitikuidziwa. Ndipo mayi," anatembenukira kwa Clementina, "olemba ntchito enieni sauza munthu kuti atumize ndalama pa foni kuti apeze malo. Satsitsanso mtengo ngati tomato wa madzulo. Mauthengawa musafufute, mukaonetse ku polisi ndi ku kampani ya foni kuti nambalayo aitseke. Kodi mnyamatayo ali kuti? Bwanji sanabwere yekha?"

Mayi wa magalasi anayang'ana uyu, n'kuyang'ana uyo, kenako anabweza foni ndi manja awiri.

Panja Clementina anati, "Wa boma amadziwa za m'mabuku. Izi si za m'mabuku."

Anafika ku Nkaya dzuwa litapendeka pang'ono, nthawi imene ngakhale mbuzi zimabisala. Kunyumba kwa mwana wake Clementina anakana kudzera. Anadutsa kuseri kwa siteshoni, n'kutsata kanjira ka anthu otola nkhuni. Mlambe unalipo, waukulu, wopanda tsamba. Kutsogolo kwake kunali bwalo la dothi loyera, lotsekeka ndi minga uku ndi uku, ndi chulu chimodzi chachitali kufika m'khosi mwa munthu. Panalibe mpanda, panalibe lole, ngakhale mkwaso wa tayala. Kamphepo kotentha kankanyamula fumbi, kulizunguza pakati pa bwalo, n'kulisiya. Nyenje zinkalira mbali zonse, ndiye zinaleka zonse pamodzi, ngati wina wazikwezera dzanja.

Clementina anazungulira mlambe kawiri. Anayenda mpaka pakati pa bwalo, manja atatambasula patsogolo pang'ono, ngati munthu wofufuza chitseko mumdima.

Scholastica sanathe kupirira kuona zimenezo. Anatenga foni ya Elliam, anaimba nambala ya a Wadson, n'kutsegula sipika kuti onse amve.

"Halo?" Anali mawu a bambo wamkulu ndithu, odekha, ngati a munthu wozolowera kuwerenga mawu m'tchalitchi.

"Zikomo a Wadson, ndine mlongo wake wa Elliam. Tafika. Taima pa mlambe, koma geti sitikuliona. Mungatume munthu adzatitenge?"

Kunangomveka tambala akulira chapatali kumene anali bamboyo.

"Mwasochera pang'ono, mayi. Ine ndatuluka, ndili ku msonkhano. Mlonda satsegulira munthu amene dzina lake silinalowe m'makina. Tumizani kaye, pakatha mphindi zisanu akutsegulirani."

"Tamva, bambo. Koma tingoona geti lokhalo, ngakhale lotseka. Lili mbali iti ya mlambe?"

Asanayankhe, Clementina anali atafika n'kutsomphola foni.

"Bambo, ndine mayi ake. Ndalama ndili nazo pano, zonse. Ndimve mawu a mwana wanga."

Scholastica ankayembekeza kuti adula. Sanadule.

"Dikirani, mayi."

Kunamveka kukwekwesa, chitseko, anthu akunong'onezana. Kenako mawu ena, a mnyamata, otsika, osasa ngati a munthu amene wakhala nthawi osayankhula.

"Amayi."

Clementina anakhala pansi pa dothi lotentha lija. Scholastica naye, ndisabise, anasendera pafupi ndi foniyo. Mawu a anyamata pa foni amafanana, ndipo iye anali atatha chaka akulakalaka kumva amenewo.

"Amayi, tumizani ndalamazo. Mukachedwa andichotsa."

Dzanja la Clementina linali kale m'chiuno, likumasula mfundo. Scholastica anagwada pambali pake. Sanagwire dzanjalo, sanalande foni. Anangoyankhula pafupi ndi khutu.

"Amayi, ine ndafunsa mafunso anga. Funsani lanu. Limodzi lokha, limene Elliam yekha angayankhe. Akakhoza, nditumiza ndine, pompano."

Clementina anapuma kangapo. Ndiye anafunsa, ndi mawu aulemu ngati aja a m'kalata.

"Mwanawe, undikhululukire. Ndinakuberekera kuti?"

"Amayi, nthawi ikutha."

"Ndinakuberekera kuti?"

"Ku... kuchipatala, amayi."

Elliam anabadwira m'munda wa chinangwa, panjira ya ku Mpiri, mvula ikugwa, ndipo mchombo ndinadula ine ndi kansungwi. Nkhani imeneyo ankaikamba yekha paliponse, akuseka, kuti n'chifukwa chake chinangwa sichimukhutitsa, ndi m'bale wake.

Clementina anachotsa foni pafupi ndi nkhope n'kuiyang'ana. Mawu aja ankapitirizabe, tsopano a bambo uja, akuti mwanayo wasokonezeka ndi njala, mayi musaumitse mtima. Clementina anati, "Zikomo, bambo. Pepani takutayitsani nthawi." Anadula yekha.

Njanji inayamba kulira chapansipansi sitima isanaoneke. Inali ya malasha, zija zazitali zopita kunyanja ya mchere. Inadutsa mabogi ambirimbiri, onse ofanana, onse akuda, popanda nkhope ya munthu ndi imodzi yomwe. Awiriwo anakhala pansi mpaka bogi yomaliza. Clementina ankayang'ana iliyonse, mutu ukutsatira, kubwerera, kutsatiranso.

Itatha anamanganso mfundo ya m'chiuno n'kudzuka.

"Ndionetse pamene ankagona."

Kanali koyamba kuponda pakhomo pa mwana wake chichitikireni maliro. Chiyamiko ndi Tasha anathamangira agogo awo, iye anawagwira mitu, n'kupitirira kuchipinda. Munali mphasa yopindidwa, ndi katoni ya makalata a Elliam ofunsira ntchito, ena osatumiza. Anakhalamo yekha mpaka dzuwa linafiira. Atatuluka anadya chimene anamupatsa, osakankhira kwa ana.

M'mawa mwake Scholastica anapita ndi mauthenga aja ku polisi, apolisi anawalemba m'buku, ndipo ku kampani ya foni anakanena nambalayo. Ngati anthuwo anagwidwa sitinamve. Ndalama za nandolo zinabwerera ku Chikweo zonse, feteleza anagulidwa. Amayi a banki mkhonde ku Nkaya anakopera kalata ija m'mafoni mwawo, ndipo ndamva kuti mwana wa wina akalandira uthenga wa ntchito yolipira, amangosintha dzina n'kutumiza. Ambiri sayankhidwa n'komwe. Za pa mjigo zinachepa, ngakhale sizinathe. Amene akufuna kuzipitiriza abwere adzanene pakhomo panga, ndilipo.

Koma pa siteji ya njinga zamoto, tsiku lobwerera, Clementina atakwera kale, anagwira mkono wa mwana wake.

"Sikola, anthu aja alibe mwana wanga. Ndamva ndekha."

"Eya, amayi."

"Wandiyendetsa dziko lonseli, wandionetsa kumene kulibe. Ku ofesi kulibe, pa mlambe palibe, m'nyumba mwako mulibe." Anamuyang'ana, osati mwaukali. "Kumene ali sunandionetse."

"Amayi, ali kumanda kwathu, pafupi ndi ababa."

"Zimenezo ndi zonena. Iwe wandiphunzitsa wekha kuti zonena sizikwana."

Njinga inanyamuka.

Papita miyezi isanu ndi iwiri. Scholastica akugulitsabe pa okala yake, ndipo mwezi uliwonse amapita ku Chikweo. Mayi ake amamulandira, amamuphikira, amafunsa za ana. Mawu oti mwana wanga ndinakuganizira choipa sanawatulutsebe, ndipo ndamuuza Clementina kawiri kuti mwanayo akuwadikira. Iye amayankha kuti naye akudikira. Ulendo uliwonse akamamuperekeza, pofika pa mphambano ya kumanda amaima, n'kumuyang'ana Scholastica. Scholastica amaima naye. Mpaka lero sanapeze choti awaonetse.